Misomali Imene Jekete Anazula

Inali 7 koloko m'mawa, Lolemba, ndipo Mayi Misomali anali atatsuka kale makapu asanu mwa makapu asanu ndi anayi amene anagona mu sinki ya kuofesi kuyambira Lachisanu. Yachisanu ndi chimodzi inali ndi shuga wouma pansi, wofunika kukanda ndi supuni. Inali ya Jekete. Anaiyang'ana kwa kanthawi, kenako anaibwezera mu sinki momwe anaipezera, natsuka zitatu zotsalazo.

M'kalata yake ya ntchito munalibe mawu onena za makapu. Munalembedwa kuti ndi wolemba mapulogalamu a kompyuta pa bekale yaikulu imene inkapereka buledi m'masitolo, m'sukulu zogonera komweko ndi m'zipatala ziwiri. Ofesi yawo inali pamwamba pa mauvuni, moti pansi pake pankafunda ngakhale m'nyengo yozizira, ndipo mapepala onse a m'menemo ankanunkha isiti. Anakhala m'chipindamo zaka khumi ndi chimodzi. Pulogalamu imene inkayendetsa maoda anailemba yekha m'chinenero cha Python, pamene mwana wake wamkazi anali kuyamwa. Masitolo ankatumiza maoda awo m'mafayilo, pulogalamuyo n'kuwawerenga, n'kuwasunga, ndipo 2 koloko masana ikakwana inkatulutsa mndandanda wa buledi wofunika kuphika ndi wa magalimoto omunyamula mawa lake.

Dzina la Misomali silinali lake. Anamupatsa ndi Jekete, ndipo linachokera pa ntchito imene palibe ankaiona. Pulogalamu ngati imeneyi munthu salemba chilichonse yekha. Amatenga zidutswa zolembedwa kale ndi anthu ena, zimene amazitcha malaibulale: ina yowerengera mafayilo, ina yosindikizira, ina yotanthauzira madeti. Ambiri mwa eni ake ndi anthu amene amalemba akaweruka kuntchito zawo, osalandira kanthu, ndipo amazisintha nthawi imene afuna. Laibulale iliyonse ili ndi nambala, monga 1.9.4. Ikasintha nambala yakumapeto, angosoka pong'ambika. Ikasintha yakutsogolo, eni akewo akukuuza poyera kuti agwetsa khoma, zimene unkadalira dzana mwina kulibenso. N'chifukwa chake mayiyu anali ndi fayilo ina yaing'ono, ya mizere makumi anayi ndi iwiri, momwe laibulale iliyonse anaikhomerera pa nambala yake yeniyeni kuti kompyuta isamangotenga yatsopano payokha.

Akafuna kukweza laibulale, ankazula msomali umodzi wokha. Ankayamba wawerenga mndandanda wa zosintha umene eni ake alemba, mzere ndi mzere, ngati kalata ya kukhoti. Kenako ankapatula nthambi ya pulogalamu, kutali ndi imene ikuyendetsa bekale, n'kuikamo laibulale yatsopanoyo, n'kuyendetsa mayeso ake. Mayesowo anali timapulogalamu mazana awiri, kalikonse kofunsa funso limodzi: ukapatsidwa oda yakuti, kodi uyankha zakuti? Zonse zikaonetsa zobiriwira, ankakhomanso msomaliwo pa nambala yatsopano n'kupita pa wina. Ntchito imeneyi ikayenda bwino sipachitika chilichonse, ndipo pamene sipanachitike kanthu palibe amene amafunsa kuti wachita ndani.

Jekete anabwera zaka ziwiri zapitazo. Dzina lakelo anamupatsa ndi madalaivala, chifukwa jekete yake inkakhala pampando tsiku lonse ngati umboni woti mwini wake ali pafupi, pamene iyeyo ali kunja pafoni. Sanali mbuli ayi. Ankalemba mwachangu, ankadziwa zinthu zatsopano, ndipo ankatha kulankhula ndi Adona, eni bekaleyo, m'mawu amene Adonawo ankawakonda. Pasanathe chaka anamuika kukhala mkulu wa chipindacho, chimene chinali cha anthu awiri.

Nkhani imene inamupweteka mtima mayiyu inachitika mu Febuluwale. Lachisanu lina masana Jekete anafuna kuyesa laibulale yojambula ma galafu, zithunzi zoonetsa kukwera ndi kutsika kwa manambala, ndipo anaiika mwachindunji pa seva, kompyuta yaikulu imene bekale yonse imadalira. Laibulaleyo pobwera inakoka inzake n'kuikweza, ndipo makina osindikiza timapepala tomata pa makireti anangoti zii. Jekete anali atapita kale. Mayi Misomali anagwira ntchito Loweruka lonse ndi Lamlungu mpaka anapeza chimene chasuntha n'kuchibwezera. Masiku amenewo amayi ake anali m'chipatala, ndipo inali nthawi yake yowadikirira. Amene anapita m'malo mwake ndi alamu ake, akazi a achimwene ake, amene mpaka lero akakumana amamufunsa mokoma kuti, kaya makompyuta aja anachira.

Lolemba lake Jekete analemba lipoti. Linati vutolo linabwera chifukwa cha pulogalamu yakale yosasamalidwa bwino, imene woisunga wake amakana kusintha. Mayiyu anakwera kwa Adona kuti akafotokoze, koma anamuyankha kuti nkhani za m'chipindamo zizidzera kwa mkulu wake. Patapita masiku atatu analandira kalata ya chenjezo, ina n'kulowa m'fayilo yake ya ntchito. Inati kusasamala kwake kunaimitsa ntchito, ndipo zikadzachitikanso adzachotsedwa. Anasaina kuti walandira. Sanalire, sanakwezenso mawu. Anaipinda kanayi n'kuiika m'kachikwama komwe amasungamo khadi la kuchipatala la mwana wake, ndipo kuyambira tsiku limenelo anali ndi chinthu chimodzi chimene ankafuna pa bekaleyo: kuti kalata ija ituluke m'fayilo, ndi kuti amene anailembetsa aone ikutuluka.

Anadikira miyezi isanu ndi itatu. Ankapereka moni, ankayankha mafunso, ankatsuka makapu.

Mpata unabwera wokha. Eni ake a laibulale yotanthauzira madeti analengeza kuti ya nambala 1 asiya kuikonza, aliyense asamukire ku nambala 2. Mayiyu anali atawerenga kale zimenezi mu Juni, ndipo anapempha masabata atatu oti akweze malaibulale onse otsalira m'mbuyo, umodzi umodzi. Jekete anaseka pamaso pa Adona, nati masabata atatu ndi omangira nyumba, ntchito imeneyo iye angaigwire masana amodzi. Ankafunanso malaibulale atsopano chifukwa cha tsamba lake la ma galafu limene analonjeza Adona, loonetsa malonda a sitolo iliyonse m'mitundu yowala.

Lolemba la makapu lija linali pa 20 Okutobala. Mayiyu atakhala pa desiki anapeza kuti Jekete wagwiradi ntchitoyo kumapeto kwa sabata. Mu fayilo ya mizere makumi anayi ndi iwiri manambala onse anali atafufutidwa, kompyuta n'kuuzidwa kuti itenge zatsopano zonse nthawi imodzi. Mayeso khumi ndi anayi anafiira. Asanu ndi anayi anawakonza bwino, pakuti anali a mayina a malamulo amene eni malaibulale anasintha. Pa asanu otsalawo anangoikapo chizindikiro choti kompyuta izidumpha, n'kulemba pambali kuti ndi mayeso akale.

Lamulo la m'chipindamo linali loti wina akasintha pulogalamu, mnzake aione kaye isanapite pa seva. Mayiyu anatsegula asanu odumphidwawo. Anayi analidi opanda vuto lenileni. Lachisanu analilemba iye yemwe zaka zambiri zapitazo, ndipo linkafunsa funso lachibwana: ukaona 03/04, ndi deti lanji? Yankho loyenera linali pa 3 Epulo. Laibulale yatsopano inkayankha kuti pa 4 Malichi.

Sanadabwe, chifukwa zinalembedwa. Pa mndandanda wa zosintha, mzere wachitatu kuchokera pamwamba, eni ake ananena kuti nambala 2 sidzayang'ananso fayilo ya zokonda kuti idziwe ngati tsiku limayamba kapena mwezi. Aliyense azinena yekha pamalo pomwe akuwerengera detilo, apo ayi laibulale idzayesa kuti mwezi ndiwo uli kutsogolo. Nambala 1.9 inakhala ikutulutsa chenjezo la zimenezi kwa chaka chathunthu, ndipo machenjezowo Jekete anawazimitsa kale ponena kuti akudetsa sikirini.

Koma chimene chinamuchititsa kutsamira kumbuyo pampando chinali china. Laibulaleyo inali ndi kaulemu kake. Ikapatsidwa 21/10, inkaona kuti kulibe mwezi wa nambala 21, n'kutembenuza yokha n'kupeza deti lolondola. Kuyambira pa 13 mpaka kutha kwa mwezi, zonse zikanayenda ngati madzi. Koma oda ya pa 1 Novembala, yolembedwa 01/11, ikanawerengedwa kuti pa 11 Januwale, tsiku lopita kalekale. Pulogalamu sikanadandaula, sikanaima, sikanaonetsa chofiira. Ikanaisunga odayo mwaulemu kuseri kwa chaka, ndipo mndandanda wa mawa ukanatuluka wopanda kanthu. Anayang'ana kalendala ya kampani ya ufa imene inali pakhoma. Pa 1 Novembala linali Loweruka. Maoda ake akanalowa Lachisanu.

Mayi Misomali wakale akanakonza pomwepo. Unali mzere umodzi wokha. Akanaukonza, n'kuchotsa chizindikiro chodumphacho, osauza munthu, Jekete n'kukalandira kuwomba m'manja. Anachita zimenezi kambirimbiri moti sakanatha kuwerenga. M'mawa umenewo manja ake anafika pa kiyibodi mwa chizolowezi, koma anawabweza n'kuwaika pamiyendo.

Analemba ndemanga pamalo ake oyenera, pansi pa yeso lodumphidwalo, m'mawu osazungulira. Anati yesoli si lakale, laibulale yatsopano ikuika mwezi patsogolo, maoda a masiku 1 mpaka 12 adzasokera, ndipo asatumize pa seva izi zisanakonzedwe. Anaikanso pomwe pali mndandanda wa zosintha. Kenako anasindikiza tsamba lonselo, deti ndi nthawi zikuoneka, n'kulipinda kanayi.

Jekete analowa cha m'ma 9 koloko, nakoleka jekete pampando. Anaona kuti pali ndemanga zisanu ndi ziwiri, pakuti mayiyu analembanso za tinthu tina ting'onoting'ono monga ankachitira nthawi zonse. Ya madeti inali yachisanu. Ngati anaiika pamenepo mwadala, ndi nkhani ya mumtima mwake. Jekete anawerenga yoyamba, yonena za dzina la fayilo, napumira m'mwamba.

“Mayi Misomali, inu mukanakhala kalipentala bwenzi zitseko zonse zili zokhomerera, anthu akulowera pawindo.”

“Mwawerenga zonse, achimwene?”

“Ndaziona. Zikugwira ntchito, taonani nokha.”

Anamuonetsa oda ya pa 21, imene inawerengedwadi bwino. Kenako anatseka ndemanga zonse zisanu ndi ziwiri motsatizana, ngati munthu wothyola nthambi podutsa, natumiza pulogalamuyo pa seva. Mayiyu anangoti chabwino, nasindikizanso tsamba lija, dzina la wotseka ndemangazo likuoneka, n'kulipinda kanayi.

Sabata imeneyo inali ya Jekete. Ma galafu anawala pa sikirini yaikulu ya mu ofesi ya Adona. Buledi ankatuluka pa nthawi yake. Pa msonkhano wa Lachitatu Jekete ananena kuti ntchito ya masabata atatu yatha masana amodzi, popanda ngakhale banzi limodzi losokera, ndipo anthu anaseka akuyang'ana pansi. Mayiyu anasekerera nawo. Mumtima ankati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, ndipo kwa nthawi yoyamba m'miyezi isanu ndi itatu chakudya chake chamasana chinamukomera.

Lachinayi anakapempha tchuthi cha tsiku limodzi, Lachisanu la pa 31. Jekete anasaina mosaona n'komwe, nati apumule ndithu, masiku ano makompyuta akudziyendera okha.

Panali munthu mmodzi amene ankamusowetsa mtendere pa nkhaniyi. Pansi, pafupi ndi chipata cha magalimoto, panali kawindo komwe mayi wina wamkulu ankaperekera mapepala kwa madalaivala ndi kwa ophika. Onse ankangowatchula kuti Amayi a Pawindo. Zinthu zikasokonekera kumwamba, amene ankatukwanidwa ndi madalaivala anali iwowo, ndipo mu Febuluwale muja analemba timapepala ta makireti mazana atatu pamanja, popanda amene anawathokoza. Kutatsala tsiku limodzi, Mayi Misomali anatsika masitepe nawauza motsitsa mawu kuti mawa maoda akamalowa azisindikiza fayilo iliyonse momwe yabwerera, makamaka za zipatala ndi za sukulu, n'kuzisunga mu dirowa. Amayi a Pawindo anamuyang'ana pamwamba pa magalasi awo, nafunsa ngati kukubwera mvula. Iye anayankha kuti sakudziwa, koma bondo likumuwawa. Pokwera masitepe anadziwa kuti wawasenzetsa ntchito yowonkhetsa pamanja imene si yawo, ndipo zimenezo zinamuluma. Koma sanabwerere.

Lachisanu anadzuka mochedwa. Anaperekeza mwana kusukulu, chinthu chimene sanachite kwa nthawi yaitali, nabwerera n'kukolopa nyumba yonse. Ankakhala m'nyumba zogundizana, za khonde limodzi, ndipo masana anakhala pakhondepo ndi aneba ake, Amake Mapasa, amene ankagwira ntchito yolandira alendo pa hotela ina koma tsiku limenelo anali pa ofu. Ankamasula mangongo a Amake Mapasa, foni ili pa mpando pambali pake, itatsekedwa mawu.

Inayamba kuwala itangodutsa 2 koloko. Sanayankhe, koma mauthenga ankawawerenga, chipeso chili m'dzanja lina.

Woyamba, wa Jekete, unati mndandanda watuluka wopanda kanthu, kodi anagwira chiyani asanachoke. Wachiwiri unati ayimbe foni msanga. Kenako kunali zii kwa theka la ola, ndipo Amayi a Pawindo analemba kuti Jekete wazimitsa seva n'kuiyatsanso kawiri, wakalipira masitolo atatu kuti sanatumize maoda, ndipo ophika aima pa uvuni manja ali m'chiuno. Iwo anali atatulutsa mapepala mu dirowa, buledi wa zipatala anali atayamba kale kukandidwa.

Cha m'ma 3 koloko Jekete analemba kuti wapeza maoda ali mu Januwale. Anati wayesa kubweza laibulale ya madeti ku 1.9.4 koma kompyuta ikukana, ikuti laibulale ya ma galafu imafuna nambala 2. Mayiyu anaseka pang'ono, mpaka Amake Mapasa anafunsa ngati ndi chibwenzi. Anayankha kuti ndi mwana wina amene wazula mizati yonse ya khola tsiku limodzi, tsopano akufunsa kuti denga lagwa ndi mzati uti.

Uthenga wotsatira unayamba ndi mawu akuti Amayi. Unati wabweza pulogalamu yonse momwe inalili mu Seputembala, misomali yonse yabwerera, ma galafu afa, koma mndandanda ukadali wopanda kanthu. Izinso mayiyu ankaziyembekezera. Kubweza pulogalamu sikubweza zimene yasunga kale. Maoda a m'mawa uja anali atagona kale mu Januwale, ena mu Malichi, ndipo panafunika kuwafufuta n'kuwerenganso mafayilo ake. Koma pulogalamuyo inkakana kuwerenga fayilo imodzi kawiri, chifukwa iye anaiphunzitsa choncho kuti sitolo isalandire buledi kawiri. Njira yoiuza kuti iwerengenso inalipo, ndipo inalembedwa bwinobwino m'kabuku ka malangizo kamene kanali mu pulogalamu momwemo, tsamba lachiwiri. Uthenga womaliza unangoti chonde.

Galimoto ya Adona inaima pachipata cha m'ma hafu pasiti folo. Anatsika okha, ufa uli pa siketi, ndipo anayenda pakhondepo akuwerenga manambala a zitseko. Amake Mapasa anathawira m'nyumba mutu uli theka, koma chitseko anasiya chotsegula pang'ono. Mayi Misomali anawapatsa mpando Adona, nawapatsa moni wonse mosafulumira, mpaka kufunsa za kunyumba.

Adona anati sanabwere kudzacheza. Masitolo makumi asanu ndi limodzi akudikira buledi mawa, mayi wa pawindo akuwonkhetsa ndi pensulo, ndipo Jekete akuti Mayi Misomali yekha ndi amene angadziwe. Kenako anamuyang'ana m'maso.

“Munkadziwa kuti zichitika?”

“Ndinalemba, mayi.”

Analowa m'nyumba natuluka ndi mapepala awiri opindidwa kanayi. Anapereka loyamba. Adona anawerenga ndemangayo, deti lake, ndi dzina la amene anaitseka patangopita mphindi zinayi. Anawerenganso kachiwiri, milomo ikuyenda.

“Nanga bwanji simunakwere kudzandiuza ine?”

“Mu Febuluwale ndinakwera. Munati nkhani za m'chipinda chathu zizidzera kwa mkulu wanga. Ndadzera kwa mkulu wanga.”

Anapereka lachiwiri, kalata ya chenjezo ija, imene m'mapindo mwake munali mutayamba kung'ambika. Adona sanaitsegule yonse. Anaidziwa ndi saini yawo.

Anaipindanso. Atalankhula, mawu awo sanali ofewa. Anati zimene wachitazi si zabwino, munthu wamkulu sasiya nyumba ipse kuti aonetse amene anasewera ndi machesi, ndipo iwo sadzaiwala. Mayiyu anavomera kuti si zabwino. Anati iyenso wakhala akuzimitsa moto zaka khumi ndi chimodzi popanda woona utsi, ndipo tsiku limene anapsa manja ndi limene anamulembera kalata. Sananene mokweza. Amake Mapasa kuseri kwa chitseko anachita kutchera khutu.

Adona anafunsa kuti zitenga nthawi yaitali bwanji. Anayankha kuti mphindi makumi anayi, mndandanda ukhala pa uvuni dzuwa lisanalowe. Koma anali ndi zinthu zitatu. Kalata ituluke m'fayilo lero, m'malo mwake mulowe ina yonena chimene chinachitikadi mu Febuluwale, pakuti mbiri ya pa seva ikadalipo ndipo imaonetsa amene anaika laibulale ija. Apatsidwe masabata atatu aja, akweze malaibulale umodzi umodzi. Ndipo asanagwire kiyibodi, Jekete awerenge ndemanga yachisanu ija mokweza, Adona ali pomwepo, Amayi a Pawindo alinso pomwepo.

Pa ziwiri zoyambazo Adona anagwedeza mutu msanga. Pa chachitatu anati kuchititsa munthu manyazi sikuphika buledi. Mayiyu anati n'zoona, koma lipoti la mu Febuluwale lija Jekete analiwerenga pa msonkhano anthu khumi ali chete, ndipo iye akungopempha anthu atatu. Adona anayang'ana wotchi yawo, nayang'ananso pepala la ndemanga lija. Anatulutsa foni, naimbira mlembi wawo kuti atsegule kabati ya mafayilo, atulutse ya mayi wa makompyuta, aiike pa desiki, ndipo auze Jekete asachoke. Anaimirira nati akamudikira m'galimoto, asachedwe.

Mayi Misomali analowa m'nyumba, nasintha bulauzi, nalembera mwana kapepala kuti akafika apite kwa aneba. Atafika pakhomo anayang'ana nsapato zake zakuntchito, zafulati, za mphira, zimene zinkayenda m'makonde a bekale popanda munthu kudziwa kuti wadutsa. Anazisiya pomwepo, nawoloka khonde wopanda nsapato n'kugogoda pa chitseko chotsegula kale chija. Amake Mapasa anatulukira akunamizira kuti anali kukhitchini.

“Aneba, mangongowo ndidzamaliza mawa, ndipo mwanayo akabwera mumusunge. Koma mundibwereke nsapato zanu za kuhotela zija, zagogoda. Masitepe a kuntchito kwathu kuja ndi achitsulo, ndikufuna andimve kuyambira pansi.”